Dzina Tafufuta, Nanga Mapasa Aja?

Tiyerekeze kuti ntchito iyi yagwera inu. Bungwe lina lothandiza pa zaumoyo linasonkhanitsa anthu asanu ndi anayi amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, kuti afotokoze chifukwa chake ena amalumpha masiku okatenga mankhwala kuchipatala. Asanayambe, wotsogolera anawalonjeza kuti palibe amene adzadziwe kuti wanena zakuti ndi uje. Foni inajambula mawu kwa ola ndi theka. Mlembi anakhala masiku atatu akumvetsera ndi kulemba liwu ndi liwu, mpaka zinakwana masamba 32.

Tsopano abwana akufuna chidule cha masamba awiri pofika Lachisanu. Chidulecho chipita ku ofesi ya zaumoyo ku boma, kwa mafumu, ku komiti ya chitukuko cha m'dera, ndiponso pa gulu la WhatsApp la anthu oposa 200. Abwanawo akuti, "Mungochotsa mayina basi, zina zonse zili bwino."

Pa tsamba 14 mukupeza mayi wina, amene watchula kale dzina lake ndi mudzi wake, akunena izi:

"Paja ine ndimagulitsa mandasi pa geti la sukulu ya pulayimale ija. Ndili ndi mapasa a zaka zitatu, bambo awo ali ku Joni, chino n'chaka chachinayi. Mankhwala ndinayamba 2021 koma apongozi sadziwa. Ndiye mwezi wathawu, Lachiwiri, ndinapita mochedwa, a pawindo aatali aja anandikalipira pagulu, n'kuitana dzina langa mokuwa. Alamu anga anali pamzere wa malungo, anacheuka. Kuchokera tsiku limenelo ndimapita kuchipatala cha kutali, kabaza K6,000 kupita ndi kubwera. Ndalama ikasowa ndimangokhala. Ngakhale mwana wa achemwali anga, wa zaka 15, anasiyiratu kumwa chifukwa cha zomwezi."

Chotsani dzina la mayiyu ndi la mudzi wake, kenako muwerengenso ndimeyo ngati kuti ndinu apongozi ake. Mungalephere kumuzindikira mkamwana wanu?

Dzina ndi chizindikiro chimodzi chabe

Zinthu zoloza munthu zili mitundu iwiri. Pali zoloza mwachindunji: dzina, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya khadi la kuchipatala, chithunzi, ndi liwu lenilenilo la munthu. Izi sizivuta, aliyense amaziona ndipo amadziwa kuti ziyenera kuchoka. Koma palinso zoloza mozungulira: ntchito, zaka, chiwerengero cha ana, mpingo, udindo wa m'mudzi, chilema, tsiku limene chinthu chinachitika. Chilichonse mwa izi pachokha sichiulula munthu. Vuto limabwera zikakumana.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza. M'dera lozungulira chipatalacho muli amayi mazana ambiri. Ogulitsa mandasi pa geti la sukulu mwina alipo asanu ndi mmodzi. Mwa amenewa, amene amuna awo ali ku Joni mwina ndi awiri. Wamapasa ndi mmodzi. Mfundo zitatu zokha zatichotsa pa mazana n'kutifikitsa pakhomo pa munthu, dzina lisanatchulidwe n'komwe.

Izi si za kumudzi kokha. Mu 1997, ku Massachusetts m'dziko la Amereka, bungwe loona za inshuwalansi ya ogwira ntchito m'boma linkapereka kwa ochita kafukufuku mbiri ya odwala litachotsamo mayina. Latanya Sweeney, amene nthawi imeneyo anali wophunzira pa yunivesite, anagula kaundula wa ovota a mumzinda wa Cambridge pa mtengo wa madola 20, n'kuyamba kufananiza. Mu kaundulamo anthu asanu ndi mmodzi okha ndi amene anali ndi tsiku lobadwa lofanana ndi la bwanamkubwa wa chigawocho, William Weld. Amuna anali atatu, ndipo wokhala m'dera la positi la bwanamkubwayo anali mmodzi. Mbiri ya kuchipatala ya Weld inapezeka choncho. Pambuyo pake Sweeney anawerengera kuti anthu 87 pa 100 alionse a ku Amereka angazindikirike ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, dera la positi, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Sweeney anafunika kugula kaundula. Kwathu kuno kaundulayo ali kale m'mitu ya anthu. Wapampando wa komiti ya chitukuko amadziwa amene ali ndi mapasa, amene anamanga ya malata chaka chatha, amene ukwati wake uli pa ankhoswe. Safunika kompyuta.

Funso loyamba: awerenga ndani?

N'chifukwa chake ntchito ya kuchotsa siyambira pa tsamba loyamba la zolembazo. Imayambira pa mndandanda wa amene alandire chidulecho, kuphatikizapo amene simunawakonzere koma chidzawafika. Ndime yomweyi ikapita kwa munthu wa ku likulu amene sanapondeko m'deralo, mandasi ndi mapasa sizimuuza kanthu. Ikafika kwa mlembi wa a gulupu, yamuuza zonse. Ndipo chikalata chikalowa pa gulu la WhatsApp, muziwerengera kuti chafika kwa onse, chifukwa kutumiza kwa wina ndi kungogwira kawiri pa foni.

Wowerenga woopsa kwambiri si wakuba wa pa intaneti ayi. Ndi mnansi, mlamu, mkulu wa mpingo, bwana wa pantchito: munthu amene akudziwa kale theka la nkhaniyo ndipo akungosowa theka linalo.

Katswiri wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Nancy Scheper-Hughes, anaphunzira zimenezi movutikira. Mu 1979 anatulutsa buku lonena za matenda a maganizo m'mudzi wina wa kumadzulo kwa Ireland. Mudziwo anaupatsa dzina lopeka loti Ballybran, ndipo anthu anawasintha mayina. Kwa owerenga a kutali zinali zobisika. Koma atolankhani anaupeza mudziwo, ndipo eni mudzi anazindikirana m'bukumo, aliyense akuona zamseri za mnzake. Atabwererako mu 1999, zaka makumi awiri zitadutsa, mkwiyo unali usanathe, moti anachokako msanga. Mayina opeka anabisa anthuwo kwa alendo okha, osati kwa amene amakumana nawo pamsika.

Choncho musanagwire cholembera, sankhani m'maganizo munthu mmodzi amene ali pafupi kwambiri ndi wolankhulayo ndiponso amene kudziwa kwake kungapweteke kwambiri. Pa nkhani yathuyi ndi apongozi, chifukwa mwini wake wanena yekha kuti sadziwa. Chiganizo chilichonse muchiwerenge ndi maso awo.

Mafunso atatu pa mfundo iliyonse

Mukamudziwa wowerenga, mfundo iliyonse muifunse mafunso atatu. Kodi ikuloza munthu, payokha kapena pophatikizana ndi ina? Kodi munthuyo atadziwika, chingamuchitikire n'chiyani? Nanga uthenga wa chidulecho ungaime popanda mfundo imeneyi?

Funso lachiwiri ndi limene limanena kukula kwa chisamaliro chofunika. Munthu wodandaula za mlatho wosweka akadziwika, palibe chimene angataye. Munthu wonena za matenda ake, ngongole zake, nkhanza za m'banja, katangale wa pantchito kapena chipani chimene amachikonda, akadziwika atha kutaya banja, ntchito kapena mtendere. Malamulo athu nawo amatsata nzeru yomweyi. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zachinsinsi zake. Lamulo la 2018 lokhudza kachilombo ka HIV ndi Edzi limaletsa kuulula za kachilombo m'thupi mwa munthu wina popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo latchula. Ndipo lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la 2024, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, limaika za umoyo wa munthu m'gulu la uthenga wofunika kuusamala mwapadera.

Funso lachitatu ndi limene limateteza chidulecho kuti chisasanduke madzi. Apa pali kusiyana kumene ambiri sakuona. Nthawi zina chinsinsi chimangogweramo mwangozi: anthu akukambirana za mjigo, wina n'kutchula kuti sanabwere kumsonkhano chifukwa anali kokalandira mankhwala. Pamenepo chotsani chinsinsicho, nkhani ya mjigo ipitirire. Koma nthawi zina chinsinsicho ndiye mutu wa nkhani. Chidule chathuchi chikunena za anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo simungachotsemo mankhwalawo. Mukalephera kuchotsa chinsinsi, muyenera kuchotsa njira zonse zopita kwa mwini wake. Choopsa chikakhala pakati pa bwalo, mpanda uyenera kukhala wopanda chiboo.

Kusenda ndime ya mayi uja

Pali zinthu zinayi zimene mungachite ndi mfundo: kuichotseratu, kuikuza kuti ikwane anthu ambiri, kuipatutsa kuti ipite kwa woyenera yekha, kapena kuisiya monga ilili. Tiyeni tione.

Mandasi ndi geti la sukulu zikuloza anthu asanu ndi mmodzi okha, ndipo uthenga sukudalira mandasi. Chimene chili ndi ntchito n'chakuti mayiyu amapeza ndalama zochepa za tsiku ndi tsiku. Tikuza: "mayi wochita geni yaing'ono". Amayi a geni ndi ambiri.

Mapasa achoke. Sakuwonjezera kanthu pa nkhani ya chipatala, pamene ndi chizindikiro champhamvu kuposa zonse. Olemba timawakonda mapasa chifukwa amakometsa nkhani, amachititsa wowerenga kumuona munthuyo. Vuto ndi lomwelo: amamuona. Mfundo imene ikukomerani kwambiri m'ndime ndi imene muyenera kuikayikira poyamba. Za bambo a ku Joni nazo zichoke pa chifukwa chomwecho, komanso chifukwa zingautse miseche ina imene palibe anaipempha.

Chaka cha 2021 chisanduke "kwa zaka zingapo". Lachiwiri la mwezi watha lisanduke "posachedwapa". Tsiku lenileni ndi loopsa pawiri: kuchipatala kuli kaundula wa amene anabwera tsiku limenelo, ndipo amene anali pamzere akukumbukira amene anakalipiridwa.

Apongozi ndi alamu ndi ovutirapo, chifukwa mtima wa nkhani uli pomwepo: munthu amene abale ake sadziwa anaitanidwa mokuwa pamaso pa wachibale. Mukachotsa zonse, wowerenga sangamvetse chifukwa chake kukalipira kwa mphindi imodzi kwathamangitsa munthu mtunda wautali chonchi. Koma mukasiya kuti "alamu anali pamzere wa malungo", mlamuyo akangomva adzati, "Paja tsiku lija!" Njira yapakati ndi kusunga ubale wa zinthuzo n'kuchotsa nkhope: "pamalo pamene anthu omudziwa akanatha kumva, pomwe ena a kubanja sanawauze".

K6,000 ya kabaza ikhale. Ndiyo nambala imene ingadzutse a ku ofesi ya zaumoyo, chifukwa ikuonetsa mtengo weniweni wa khalidwe la pawindo. Kodi siikuloza mudzi? Ingaloze ngati ndi mudzi umodzi wokha umene uli pa mtunda wa mtengo umenewo. Funsani wodziwa deralo. Ngati midzi yotero ndi yambiri, isiyeni. Ngati ndi umodzi, lembani kuti "yoposa K5,000". Dzina la chipatala cha kutalicho musalitchule, chifukwa anthu a m'deralo opita kumeneko ndi owerengeka, ndipo a kabaza amawadziwa.

Zatsala mfundo ziwiri zokhudza anthu amene sanalipo pamsonkhanowo ndipo sanavomere chilichonse. Amenewa amaiwalika kawirikawiri, chifukwa maso a wolemba amakhala pa wolankhula yekha.

Woyamba ndi "a pawindo aatali aja". Pa chipatala chaching'ono mawu amenewa ndi dzina lathunthu. Munthuyu mwina analakwadi, koma zimene tili nazo ndi mbali imodzi ya nkhani, ndipo chidule chopita kwa anthu 200 si bwalo la milandu. Komanso iye akazindikira kuti akunenedwa, angathe kukumbukira amene anamukalipira, ndipo kaundula ali m'manja mwake. Choncho kumubisa iye ndi kumutetezanso mayiyo. M'chidule tilemba "wogwira ntchito wina". Dandaulo lenileni lipatutsidwe, lipite kwa woyang'anira chipatala kapena kwa wolandira madandaulo pachipatalapo, mayiyo atavomera kuti litero.

Wachiwiri ndi mwana wa zaka 15. Ameneyu ndi mwana pamaso pa malamulo, popeza malamulo oyendetsera dziko, kuyambira 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Zaka zake ndi ubale wake zichoke m'chidule. Koma kufufuta sikutanthauza kuiwala. Mwana amene wasiya mankhwala ali pangozi, ndipo wotsogolera zokambiranazo ayenera kubwerera kwa mayi uja mwakachetechete kuti apeze njira yoti azaumoyo amufikire mwanayo. M'chidule mungakhale chiganizo chimodzi chosaloza aliyense, chakuti vutoli likukhudzanso achinyamata.

Ndime ija tsopano ikhoza kumveka motere:

"Mmodzi mwa otenga nawo mbali, amene wakhala akumwa mankhwala kwa zaka zingapo, anati anasiya kupita kuchipatala chapafupi wogwira ntchito wina atamukalipira ndi kumuitana dzina mokuwa pamalo pamene anthu omudziwa akanatha kumva, pomwe ena a kubanja sanawauze. Tsopano amapita kutali, pa mtengo wa K6,000 ulendo uliwonse, ndipo ndalama ikasowa amakhala osapita."

Onani kuti ngakhale geni yaing'ono ija yatsala panjira, ndiponso sitinanene kuti ndi mayi. Tikawerenganso tapeza kuti uthenga ukuima popanda zimenezo. Chifukwa chake chikumveka, zotsatira zake zikumveka, nambala ilipo. Woyang'anira chipatala akudziwa chimene ayenera kukonza. Apongozi alibe pogwira.

Kuchotsa kopitirira muyezo nakonso ndi kulakwa

Pali alembi ena amene mantha akawagwira amasesa chilichonse, mpaka chidule chimangoti "anthu ena anadandaula za zinthu zina zokhudza chisamaliro". Chiganizo chotere sichipweteka munthu, komanso sichichiritsa munthu. Mayi uja anasiya mandasi ake tsiku lathunthu n'kuulula za mumtima kuti china chake chisinthe. Kumusungunula mpaka osamveka ndi kumubera kwa mtundu wina.

Palinso anthu amene mayina awo sayenera kubisidwa. Khansala kapena mkulu wa ku boma akalankhula pamsonkhano wapoyera, pa udindo wake, n'kulonjeza kuti chipinda chapadera chimangidwa pofika mwezi wakuti, dzina ndi lonjezolo zikhale, chifukwa anthu adzafunika kumukumbutsa. Chinsinsi ndi chotetezera wofooka, si chofunda cha waudindo. Koma khansala yemweyo akatchula za matenda a mkazi wake pocheza, zimenezo si za udindo, zichoke.

Msampha wina ndi kusintha mfundo n'kuikapo yabodza. Ena amati m'malo mwa mandasi alembe tomato, m'malo mwa mapasa alembe ana anayi. Izi zili ndi mavuto awiri. Loyamba, pa geti lomwelo pakhoza kukhaladi mayi wa tomato wa ana anayi, ndiye mwamupachika matenda amene alibe. Lachiwiri, lipoti likagwidwa ndi bodza limodzi, zoona zake zonse zimakayikiridwa. Kukuza mfundo kumasunga choonadi, kupeka kumachiwononga.

Zimene sizioneka m'ndime imodzi

Mukamaliza ndime iliyonse payokha, werengani chidule chonse kuchokera pamwamba, chifukwa zina zimatulukira pophatikiza. Tinene kuti mwapatsa olankhula manambala. Pa tsamba loyamba "Mayi 3" akunena za kabaza. Pansi pake "Mayi 3" akunena kuti amaimba kwaya. Pa tsamba lachiwiri "Mayi 3" akutchula banki m'khonde imene amasunga bokosi lake. Ndime iliyonse ili bwino, koma nambalayo yazisoka pamodzi, ndipo wosunga bokosi woimba kwaya alipo mmodzi. M'zolemba zazitali za mu ofesi manambala amathandiza. M'chidule chopita kwa anthu ambiri ndi bwino kungoti "mmodzi anati", "wina anawonjezera".

Chenjerani ndi magulu aang'ono. Ngati pa anthu asanu ndi anayi aja amuna analipo awiri, mawu akuti "bambo wina anati amabisira akazi ake" aloza mmodzi mwa awiri, ndipo mnzakeyo akudziwa kuti si iye. Mawu akuti "onse anavomereza" nawo amaulula, chifukwa aliyense wodziwika kuti analipo wapachikidwa nawo.

Izi zikutifikitsa pa mutu wa chidulecho. Alembi tinazolowera kuyamba ndi malo, tsiku ndi mndandanda wa amene analipo. Pa msonkhano wa anthu omwa mankhwala, kupezekapo kokhako ndi chinsinsi. Mukalemba kuti zokambirana zinachitikira m'kalasi ya sukulu yakuti Loweruka lakuti, aliyense amene anaona anthu akulowa m'kalasimo wadziwa zonse. Lembani mwezi ndi boma lokha. Pepala losainira ndalama ya mayendedwe ndi chithunzi cha gulu zisamatidwe kumapeto kwa lipoti, ngakhale opereka thandizo atafuna umboni. Umboniwo upite kwa owerengera ndalama okha.

Chomaliza ndi kalankhulidwe. Munthu aliyense ali ndi mawu ake amene anthu amamudziwa nawo: mwambi umene sausiya, kulumbira kwake, kusakaniza Chiyao kapena Chisena m'dera limene olankhula choncho ndi ochepa. Mawu ogwidwa ndendende amanyamula liwu la mwini. Ngati mawuwo ali ndi kakomedwe kotero, afotokozeni m'mawu anu, ndipo musawaike m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi mawu ake enieni.

Chofufutidwa chimene sichinafufutike

Munthu akhoza kuweruza bwino zonsezi n'kugwa pa kompyuta. Mu Januwale 2019, maloya a Paul Manafort, amene anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump, anapereka kukhoti chikalata chimene mbali zina anaziphimba ndi mizere yakuda. Atolankhani anangokopera malo akudawo n'kuwamata pa tsamba lina, mawu onse anaonekera, ndipo nkhaniyo inafalikira tsiku lomwelo. Mzere wakuda unali ngati chitenje choyala pamwamba, mawu anali pansi pake.

Njira yotetezeka ndi kusayamba ndi chikalata chachitali chija n'kumadula. Tsegulani tsamba latsopano lopanda kanthu, mulembemo chidulecho. Mukadula m'chikalata chakale cha Word pomwe Track Changes ndi yoyatsa, zonse zimene mwachotsa zimasungika, ndipo wolandira akhoza kuziona. Ndemanga za m'mbali zimene munkalemberana, monga "uyu ndi mayi wa mandasi uja", nazo zimapita limodzi. Musanatumize, gwiritsani Inspect Document kuti ichotse ndemanga ndi dzina la wolemba, kenako musunge ngati PDF. Tsegulani PDF imeneyo, dinani Ctrl+F, mufufuze dzina lililonse, mudzi uliwonse, ndi manambala oyamba a foni monga 088 ndi 099. Kumbukirani kuti dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, ndipo munthu mmodzi amaitanidwa ndi dzina lake, mfunda wake, ndi "amake uje". Kompyuta imapeza zokhazo zimene mwaiuza. Mapasa singawapeze.

Yang'ananinso dzina la fayilo. Zimachitika kuti mkati mwayera bwino koma fayiloyo ikutchedwa ndi dzina la mudzi ndi la gulu. Ndipo mawu ojambulidwa aja asatsale pa foni ya mlembi, pamene ana amaseweretsa madzulo. Akopereni pamalo otsekedwa ndi nambala yachinsinsi, pamodzi ndi masamba 32 aja ndi kapepala kosonyeza kuti nambala yakuti ndi ndani, ndipo mugwirizane tsiku lodzazifufuta. Lembaninso mwachidule zimene mwachotsa ndi chifukwa chake, kuti wina akadzafunsa kuti za mwana uja zinapita kuti, yankho lidzakhalepo.

Mayeso awiri chisanatuluke

Wolemba sangadziyese yekha, chifukwa iye akudziwa kale mayina ndipo maso ake anazolowera. Mayeso oyamba ndi kupatsa chidulecho mnzanu wa mu ofesi amene amalidziwa deralo, amene nayenso ali pa lonjezo losunga chinsinsi koma sanalipo pa zokambiranazo. Musamufunse kuti, "Zili bwino?" Adzangoti zili bwino. Muuzeni kuti, "Yesani kundiuza kuti ameneyu ndi ndani." Akatchula munthu, kaya walondola kaya waphonya, ndime imeneyo ibwerere pa tebulo. Akalondola, chinsinsi chatuluka. Akaphonya, ndiye kuti owerenga enanso adzaloza munthu wosalakwa.

Mayeso achiwiri ndi mwini mawu. Ndime ikakhala yolemera ngati ya mayi uja, muwerengereni pamaso, pa awiri, osati pa uthenga wa pa foni imene mwina amabwerekana ndi ena pakhomo. Muuzeni bwinobwino kumene chidulecho chikupita, kuti chifika kwa mafumu ndi pa WhatsApp, chifukwa pamene ankavomera kulankhula mwina ankaganiza kuti zithera mu ofesi. Iye amadziwa zinthu zimene inu simungazidziwe. Mwina adzati, "Zili bwino, koma za K6,000 chotsani, ndinadandaulapo kwa alamu za ndalama imeneyo." Pamenepo nambala imene munkaiona ngati yopanda vuto yasanduka dzina. Mwinanso adzati, "Lembani zonse, ine ndatopa n'kubisala." Ufulu umenewo ndi wake pa za iye mwini, atamvetsa zotsatira zake, koma sungafike pa mwana wa achemwali ake kapena pa a pawindo aja.

Nanga chikatuluka cholakwika? Madzi akatayika saoleka. Kufufuta uthenga pa gulu kumathandiza pang'ono, koma amene anatsegula kale mwina asunga kapena atumiza kwina. Chofunika msanga ndi kumuuza mwini wake tsiku lomwelo, asanamve kwa ena, kuti asankhe yekha mmene angalankhulire ndi apabanja pake. Kenako abwana adziwe, chikalata cholakwikacho chiitanidwe, ndipo bungwe lione zimene lamulo likufuna kuti lichite.

Lachisanu lija likafika, abwana mwina adzadandaula kuti chidulecho chauma, kuti mayi wa mapasa uja ndi amene akanagwira mitima ya opereka thandizo. Akunena zoona, akanagwiradi. Koma opereka thandizowo adzawerenga kamodzi n'kutseka. Mayiyo Lolemba m'mawa adzakhala pa geti la sukulu ndi beseni lake, ndipo apongozi ake amadutsa pomwepo popita kuchigayo.